Umboni Patsogolo, Chisoni Pambuyo: Kukonza Gawo Lofotokoza Vuto mu Pulopozo

Pulopozo iliyonse yopempha ndalama kwa mabungwe othandiza imakhala ndi gawo lofotokoza vuto limene opemphawo akufuna kuthana nalo. Kawirikawiri gawoli silipitirira tsamba limodzi kapena awiri, ndipo limabwera koyambirira, zolinga, ntchito zimene zidzachitike ndi bajeti zisanatchulidwe. Ntchito yake ndi kuonetsa kuti vutolo lilipodi, likukhudza anthu angati, a dera liti, kuyambira liti, ndiponso chimene chikulichititsa. Magawo ena onse amatsamira pamenepa. Vuto likafotokozedwa mwachimbulimbuli, zolinga nazo zimasowa poyambira, ndipo bajeti imaoneka ngati ndalama zongotchula.

Anthu ambiri amene amalemba mapulopozo m'mabungwe ang'onoang'ono a m'madera amakhala pakati pa anthu ovutikawo. Amawadziwa maina, anapitako ku maliro awo, ndipo mwina vutolo lili m'nyumba mwawo momwe. N'chifukwa chake zolemba zawo zoyamba zimadzaza ndi madandaulo. Palibe cholakwa pa kumva chisoni koteroko, ndipo bungwe lopanda chisoni silingathandize aliyense. Koma munthu wowunika mapulopozo amalandira ambirimbiri nthawi imodzi, ndipo pafupifupi onse amanena kuti anthu akuvutika kwambiri. Iye amakhala ndi fomu yoperekera malikisi, ndipo pambuyo pake amayenera kufotokozera komiti chifukwa chimene wasankhira pulopozo iyi n'kusiya inzake. Mawu akuti "anthu akuzunzika koopsa" sangapite nawo ku komiti, chifukwa ali m'mapulopozo onse. Chimene angapite nacho ndi chinthu chowerengeka, chodziwika kumene chachokera, chimene munthu wina angathe kukachiona yekha.

Kukonza gawoli sikutanthauza kuchotsamo mtima. Ndi kusintha malo: umboni ukhale kutsogolo, ndipo nkhani yokhudza mtima ibwere pambuyo pake kudzaonetsa mmene umboniwo umaonekera m'moyo wa munthu. Mmene zimenezi zimachitikira zimamveka bwino pa chitsanzo chimodzi, cha vuto la madzi akumwa kumudzi. Bungwe ndi midzi ya m'chitsanzochi, pamodzi ndi ziwerengero zake, n'zongoyerekeza. Miyezo ya boma ndi ya mabungwe a dziko lonse lapansi imene yatchulidwa ndi yeniyeni.

Bungwe lina laling'ono likugwira ntchito m'midzi 6 ya gulupu mmodzi, ndipo lalemba motere:

"Madzi ndi moyo. Koma anthu a m'dera lathu akuvutika koopsa chifukwa chosowa mijigo. Amayi athu amadzuka usiku n'kuyenda mitunda italiitali, ndipo ana osalakwa akumwalira tsiku ndi tsiku ndi matenda otsekula m'mimba. Anthu ambiri amamwera pamodzi ndi ziweto. Zinthu zafika pomvetsa chisoni, ndipo ngati sitithandizidwa msanga, tsogolo la ana athu lili pachiswe."

Choyamba pokonza ndi kutenga chiganizo chimodzichimodzi n'kufunsa ngati munthu wochokera kutali angathe kuchitsimikiza. Olemba ena amagwiritsa ntchito zolembera za mitundu itatu: mtundu umodzi wa ziganizo zimene zili ndi umboni, wina wa zimene zikunena zoona koma zilibe umboni, ndi wachitatu wa zimene zikungofotokoza mmene wolemba akumvera. M'ndime ili pamwambayi mulibe chiganizo cha mtundu woyamba ngakhale chimodzi. Zonena za mitunda italiitali ndi za kumwera pamodzi ndi ziweto zili m'gulu lachiwiri, ndipo zimenezi ndi zamtengo wapatali, chifukwa chilichonse chikuloza kumene umboni ungakapezeke. Mawu ngati "ambiri", "italiitali" ndi "koopsa" ali ngati maenje amene akudikira mbewu: paliponse pamene pali mawu otere payenera kulowa nambala, tsiku ndi gwero.

Chiganizo chakuti ana akumwalira tsiku ndi tsiku n'choopsa kuposa zonse. M'midzi 6 zimenezi sizingakhale zoona, ndipo wowunika wodziwa za umoyo amazindikira nthawi yomweyo. Akapeza kukokomeza kumodzi, amayamba kukayika ngakhale zoona zimene zili m'ndime zotsatira. Chiganizo chotere sichikonzedwa ayi. Chimachotsedwa, ndipo m'malo mwake mumalowa zimene kaundula wa kuchipatala akunena.

Palinso vuto lina lobisika m'mawu akuti anthu akuvutika "chifukwa chosowa mijigo". Apa wolemba watenga yankho lake n'kulisandutsa vuto. Akufuna kukumba mijigo, choncho wanena kuti vuto ndi kusowa kwa mijigo. Koma chimene anthu akusowa ndi madzi abwino, okwanira, opezeka pafupi. Mjigo watsopano ndi njira imodzi chabe mwa njira zingapo, ndipo gawo lofotokoza vuto likalembedwa bwino liyenera kutha kuima palokha ngakhale njirayo isanatchulidwe. Kulakwa kumeneku kumapezeka m'mapulopozo a mtundu uliwonse: "vuto ndi kusowa kwa holo ya achinyamata", "vuto ndi kusowa kwa galimoto". Njira yokuzindikirira ndi yapafupi. Ngati chiganizo chofotokoza vuto chili ndi dzina la chinthu chimene chili m'bajeti, yankho lalowa m'malo mwa vuto.

Zikadziwika mipata imene ilipo, ntchito yotsatira imachitikira kunja kwa ofesi. Chiwerengero cha anthu chimapezeka kwa alangizi a zaumoyo, amene amasunga kaundula wa mabanja a m'midzi imene amayang'anira, ndipo chingayerekezedwe ndi cha mafumu ndi makomiti a chitukuko a VDC. Kalembera wa dziko lonse wa 2018, amene anachitidwa ndi ofesi ya NSO ku Zomba, anapeza anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, ndipo banja limodzi linali ndi anthu 4.4 pongogawa mofanana. Nambala yachiwiriyi imathandiza poyesa ngati chiwerengero cha kumudzi chili chomveka. M'chitsanzochi mlangizi wa zaumoyo ali ndi mabanja 410 ndi anthu 1,850, zimene zikupereka anthu 4.5 pa banja, ndipo palibe chodabwitsa. Mfumu ikanatchula anthu 4,000 pa mabanja omwewo, pakanafunika kuwerenganso. Ziwerengero za kalembera nazo zimakalamba, popeza anthu anali kuchuluka ndi pafupifupi 2.9 pa 100 aliwonse chaka chilichonse, motero wozigwiritsa ntchito ayenera kutchula chaka chake.

Za mijigo zimapezeka ku ofesi ya zamadzi ya khonsolo ya boma, koma m'pofunika kuyendera mjigo uliwonse n'kupukusa, chifukwa mjigo umene uli m'mabuku suli nthawi zonse mjigo wotulutsa madzi. Bungwe la m'chitsanzoli litayendera linapeza mijigo 5, ndipo yogwira ntchito inali iwiri. Pano m'pamene nambala imayamba kulankhula, koma pokhapokha itaikidwa pafupi ndi muyezo. Muyezo umene boma la Malawi limatsata kumidzi ndi wakuti mjigo umodzi uzitumikira anthu 250, ndipo usatalikire kupitirira mamita 500. Anthu 1,850 pa mijigo iwiri ndiye kuti mjigo umodzi ukusenza anthu 925, pafupifupi kanayi kuposa muyezo. Kungolemba kuti "mijigo ilipo iwiri yokha" sikuuza wowerenga kanthu, chifukwa mijigo iwiri n'njokwanira m'mudzi wa anthu 400. Nambala yopanda poiyerekeza ndi umboni wosamaliza.

Kuwerengera kumeneku kunaulula chinthu chimene zolemba zoyamba zinabisa. Mijigo yonse 5 ikanakhala yamoyo, uliwonse ukanatumikira anthu 370. Kuti muyezo ukwanire pakufunika mijigo 8. Choncho pa mijigo 6 imene ikupereweza, itatu ilipo kale koma inafa, ndipo itatu yokha ndi imene sinakumbidwepo. Theka la vutoli si kusakumba, koma kusasamala zokumbidwa kale. Wowunika aliyense wodziwa za madzi angafunse funso limodzi: ngati itatu inafa, n'chiyani chidzaletse yatsopano kufa? Gawo lofotokoza vuto liyenera kuyankha funsoli lisanafunsidwe, ndipo yankho limafuna kufufuza chifukwa chimene mjigo uliwonse unaimira. Mijigo yambiri ya m'Malawi ndi ya mtundu wa Afridev, umene unapangidwa kuti anthu a m'mudzi azitha kusintha okha tizipangizo timene timatha msanga, monga malabala a mkati, ngati pali komiti yophunzitsidwa ndi thumba la ndalama zogulira. M'chitsanzochi mijigo iwiri inaima chifukwa cha tizipangizo totere, makomiti ake atabalalika ndipo zopereka za pamwezi zitasiyidwa, pamene wachitatu umaphwa chaka chilichonse kuyambira mu Seputembala. Zifukwa ziwirizi n'zosiyana, ndipo njira zake n'zosiyananso. Apa kukonza ndime imodzi kwasintha pulojekiti yonse, ndipo zimenezi zimachitika kawirikawiri. Bungwe loona mtima limalola umboni kusintha pempho lake m'malo mosankha umboni wogwirizana ndi pempho limene linakonza kale.

Mawu akuti "mitunda italiitali" amafuna muyezo wawo. Mabungwe a WHO ndi UNICEF, powunika mmene mayiko akuchitira pa nkhani ya madzi, amati banja lili ndi madzi pa mlingo woyambira ngati likutunga pa malo otetezedwa ndipo ulendo wopita, kudikira pamzere ndi kubwerera supitirira mphindi 30. Muyezo umenewu ndi wa nthawi, osati wa mtunda, ndipo ndi woyenera pamene mjigo uli pafupi koma mzere wa zidebe ndi wautali. Kuuyesa sikufuna ndalama zambiri. Anthu awiri kapena atatu okhala ndi wotchi kapena foni angathe kulemba nthawi imene munthu wachoka pakhomo ndi imene wabwerera. Bungwe lija linayesa maulendo 40 m'masiku atatu mu Okutobala, ndipo 34 anapitirira mphindi 30. Maulendowo atasanjidwa kuyambira waufupi kufika wautali, wapakati unali wa mphindi 95. Polemba, m'pofunika kunena kuti maulendo anali 40 okha, kuti anayesa ndi a bungwelo, ndiponso kuti inali nyengo yadzuwa. Olemba ena amaopa kuti kuulula kuchepa kwa kafukufuku wawo kudzawafooketsa, n'kulemba chabe kuti "anthu 85 pa 100 aliwonse". Koma wowunika akaona nambala yotere popanda kuuzidwa kuti anawerengedwa ndi angati, amaikayikira. Kafukufuku wamng'ono wonenedwa poyera amakhulupirika kuposa wamkulu wosadziwika mutu wake.

Umboni wa zaumoyo ndi umene umafuna kusamala kwambiri. Kaundula wa pachipatala chaching'ono kapena wa chipatala cha m'mudzi amaonetsa ana osakwana zaka 5 amene anabwera akutsekula m'mimba, ndipo ziwerengero zophatikiza zingapemphedwe kudzera kwa oyang'anira chipatala popanda kutenga dzina la wodwala. Tiyerekeze kuti m'chaka chimodzi midzi 6 ija inali ndi odwala otere 96 pa ana 300, pamene midzi yoyandikana nayo, ya mijigo yamoyo, inali ndi 60 pa ana 400. Kuyerekeza 96 ndi 60 kokha n'kosakwanira, chifukwa ana sali ofanana kuchuluka. Pa ana 100 aliwonse, uku ndi 32 ndipo uko ndi 15, kutanthauza kuwirikiza kawiri ndi pang'ono. Komabe kaundula amawerenga maulendo a kuchipatala, osati ana, ndipo mwana mmodzi angabwere katatu. Sawerenganso amene anadwalira kunyumba. Ndiponso kutsekula m'mimba kumayenderana ndi zimbudzi, kusamba m'manja ndi kasungidwe ka madzi m'nyumba, osati mjigo wokha. Choncho cholembedwa choyenera n'chakuti matendawa ndi ochuluka m'midzi imene ikutunga kumtsinje, osati kuti kufa kwa mijigo ndi kumene kwadwalitsa ana onsewo. Kunena zochepa zimene umboni ungathe kusenza kumateteza bungwe m'tsogolo, pamene lidzafunsidwe kuonetsa kusintha kumene linalonjeza.

Ziwerengero za dziko lonse zili ndi malo ake, koma ndi ochepa. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo chiganizo chimodzi chokumbutsa zimenezi chimaonetsa chifukwa chimene kumwa madzi a mumtsinje kulili koopsa. Kudzaza tsamba lonse ndi ziwerengero za dziko ndi za Africa n'kutaya malo, popeza wowunika amazidziwa kale. Chimene sakudziwa ndi za midzi 6 imeneyo.

Umboni ukasonkhanitsidwa, ndime ija imalembedwanso motere:

"Anthu 1,850 a m'midzi 6 ya gulupu wathu akudalira mijigo iwiri, kutanthauza anthu 925 pa mjigo umodzi, pamene muyezo wa boma ndi 250. Chiwerengero cha anthu chachokera m'kaundula wa mlangizi wa zaumoyo wa chaka chino. Mijigo ina itatu ilipo koma sikugwira ntchito: iwiri inaima chifukwa chosowa zipangizo makomiti ake atabalalika, ndipo umodzi umaphwa m'nyengo yadzuwa. Pa maulendo 40 okatunga madzi amene tinayesa mu Okutobala, 34 anapitirira mphindi 30, ndipo wapakati unatenga mphindi 95. Mabanja amene sangathe kudikira amatunga kumtsinje. Chaka chatha chipatala chinalandira odwala matenda otsekula m'mimba 32 pa ana 100 aliwonse osakwana zaka 5 a m'midziyi, poyerekeza ndi 15 a m'midzi yoyandikana nayo. Mayi wina wa ana atatu anatiuza kuti amakaika chidebe pamzere tambala asanalire, ndipo tsiku limene dzuwa lakwera iye asanatunge, amatsikira kumtsinje kuti ana apeze madzi a phala asanapite kusukulu."

Ndime imeneyi ilibe mawu akuti "koopsa" kapena "pomvetsa chisoni", koma imakhudza mtima kuposa yoyamba ija. Chifukwa chake chili pa malo amene mayiyo waikidwa. Akanakhala koyambirira, wowerenga akanadzifunsa ngati iye ndi mmodzi wosankhidwa dala chifukwa cha kuvutika kwake kwapadera. Pobwera pambuyo pa maulendo 34 pa 40, akudziwika kuti akuimira anzake ambiri. Nkhani yake ikugwiranso ntchito imene nambala sizikanatha: ikufotokoza chifukwa chimene munthu wodziwa bwino kuipa kwa madzi a mumtsinje amawatungirabe. Iye si wosadziwa, wasowa nthawi. Umu ndi mmene nkhani ya munthu imasankhidwira. Siifunika kukhala yomvetsa chisoni kuposa zonse, koma yofanana ndi za anthu ambiri, ndipo iwonjezere chinthu chimene ziwerengero zasiya. Nkhani imodzi ya ziganizo ziwiri kapena zitatu n'njokwanira pa tsamba limodzi.

Nkhani yotere iyenera kukhala yoona, yonenedwa ndi munthu weniweni amene wauzidwa kumene mawu ake akupita ndipo wavomera. Kupeka munthu, kapena kuphatikiza nkhani za anthu atatu n'kuzipereka ngati za mmodzi popanda kunena, ndi chinyengo chimene chingaululike pamene othandiza abwera kudzayendera dera. Dzina silifunika, ndipo pa nkhani za ana, za matenda kapena za nkhanza siliyenera kulembedwa n'komwe. Mawu ngati "osauka omvetsa chisoni" amachotsa ulemu wa anthu amene bungwe likuwalankhulira. Ndi bwino kudzifunsa ngati ndimeyo ingawerengedwe pa msonkhano wa m'mudzi, mayiyo atakhala pomwepo, popanda wina kuchita manyazi. M'pofunikanso kutchula zimene anthuwo achita kale, monga kusonkha ndalama kapena kukapereka vutolo ku komiti ya ADC, chifukwa zimenezi ndi umboni wakuti eni dera akuliona kuti ndi lawo, ndipo othandiza amaziyang'ana poganiza ngati ntchitoyo idzapitirira iwo atachoka.

Pali kutsetsereka kwina kumene kumagwira olemba amene angophunzira kufunika kwa umboni. Iwo amaunjika ziwerengero khumi ndi zisanu m'ndime imodzi, za umphawi, za sukulu, za ulimi, za chiwerengero cha amayi ndi abambo, mpaka wowerenga osadziwanso vuto lenileni. Ndime yokonzedwa ija yaima pa mfundo zinayi zokha: kuchuluka kwa anthu pa mjigo, chifukwa chimene mijigo inafera, nthawi yotayika ndi matenda. Iliyonse ikutsogolera ku inzake. Chiwerengero chimene sichikulumikizana ndi mzere umenewu chimasiyidwa, ngakhale chinavuta kupeza.

Ntchito yokonza isanatsekedwe, gawoli limayesedwa m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kuphimba nkhani ya mayi ija ndi dzanja n'kuwerenga zotsala. Ngati vuto likumvekabe bwino, kukula kwake ndi chochititsa chake, ndiye kuti umboni ukutsogoleradi. Ngati ndime yagwa, ndiye kuti inali itatsamira pa chisoni. Yachiwiri ndi kuika gawoli pambali pa zolinga ndi bajeti. Vuto lililonse lotchulidwa liyenera kukhala ndi ntchito yolimbana nalo, ndipo ndalama iliyonse yopemphedwa iyenera kukhala ndi vuto limene ikuyankha. M'chitsanzochi, popeza zanenedwa kuti makomiti anabalalika, bajeti iyenera kukhala ndi maphunziro a makomiti ndi njira yopezera zipangizo. Popeza mjigo wina umaphwa, payenera kukhala ndalama zoyezera malo asanakumbe yatsopano. Ziwerengero za m'gawoli ndizonso poyambira poyeza zotsatira: 925 pa mjigo, mphindi 95, odwala 32 pa ana 100. Pulojekiti ikadzatha, lipoti lomaliza lidzayesa zinthu zomwezo, m'mwezi womwewo wa Okutobala ndi m'njira yomweyo, chifukwa maulendo oyesedwa m'nyengo ya mvula sangayerekezedwe ndi a m'nyengo yadzuwa. Pa chifukwa chimenechi mapepala amene analembedwapo nthawi za maulendo, kalata yochokera kuchipatala ndi zolemba za ulendo woyendera mijigo zimasungidwa m'fayilo imodzi, chilichonse ndi tsiku lake ndi udindo wa amene anachipereka.